Zinthu zitatu zokha zoyenera kuyang'ana pa dashibodi ya kampeni

"Ndili ndi malo ogona alendo a zipinda 6 ku Senga Bay, ndipo ndayamba kulipira Facebook kuti inditsatsire malonda a nyengo ya Khirisimasi. Ndikatsegula Ads Manager ndikumapeza manambala ndi mizere yambirimbiri mpaka mutu kuzungulira. Kodi ndiziyang'ana ziti? Nanga ndilipire munthu woti andikonzere dashibodi ina yapadera?"

Mayi, ine ndimayendetsa zotsatsa za loji ina kuno ku Nkhotakota, ndipo choyamba chimene ndikupempheni ndi chakuti musanayang'ane tchati chilichonse muwerenge timawu tating'onoting'ono tolembedwa pansi pa nambala ya mu mzere wa Results, chifukwa ndi timene timanena chimene kampeni yanu ikuwerenga ngati phindu. Apa ndi pamene ndinapsa. Chaka changa choyamba ndinalipira madola pafupifupi 40, ndipo dashibodi inkandionetsa Results oposa 2,000 pa mtengo wa masenti awiri okha pa chimodzi, moti ndinauza eni loji kuti akonzekere chinamtindi cha alendo. Pansi pa nambalayo panalembedwa kuti Post engagements, kutanthauza anthu amene anangosonyeza kuti akonda chithunzi cha nyanja kapena kulemba kuti malowo ndi okongola. Sipanabwere ngakhale mlendo mmodzi, ndipo chambo chimene tinagula chinathera m'mimba mwa antchito. Kwa inu amene alendo amakufunsani pa WhatsApp, pamenepo payenera kuoneka Messaging conversations started. Ngati pali mawu ena, yambitsani kampeni yatsopano yofuna kuti anthu azikulemberani mauthenga, pakuti matchati onse a kampeni yakaleyo akuyeza chinthu chimene simungagulire nacho ngakhale sopo.

Zimenezo zikakhala m'malo, tchati choyamba ndi cha Cost per result tsiku ndi tsiku, chimene mumachipeza mukadina View charts pansi pa dzina la kampeni. Nambala imeneyi ndi ndalama zimene mwawononga kugawa ndi chiwerengero cha anthu amene akulemberani. Musatekeseke ndi tsiku limodzi. Pa bajeti ya madola 4 kapena 5 patsiku, lero angakulembereni anthu 5 ndipo mawa mmodzi yekha, mzerewo n'kumadumpha ngati bwato pa mwera popanda cholakwika chilichonse. Yerekezani sabata yathunthu ndi sabata inzake. Komanso mu mzere wa Delivery mukaona mawu akuti Learning, dziwani kuti makina a Meta, kampani ya eni Facebook, akufufuzabe anthu oyenera kuwaonetsa, ndipo amafuna zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti akhazikike. Mukasintha chithunzi kapena gulu la anthu amene mukuwatsatsira, kuphunzirako kumayambiranso, choncho amene akukulangizani kuti muzisintha zotsatsa m'mawa uliwonse akukudyetsani ndalama.

Chachiwiri ndi Frequency, chimene mumachiwonjezera kudzera pa Columns ngati sichikuoneka. Chimanena kuti munthu mmodzi waona chotsatsa chanu kangati, ndipo chimapezeka pogawa Impressions, kutanthauza maulendo onse amene chotsatsa chaoneka, ndi Reach, chiwerengero cha anthu amene achiona. Pachokha sichinena zambiri, koma ndicho chimafotokoza chifukwa chimene mtengo wa pa tchati choyamba chija ukukwerera. Mu Disembala wapitayu ndinatsatsira anthu a ku Lilongwe okha azaka 30 mpaka 50, ndipo sabata yoyamba ndinalipira madola 30, anandilembera anthu 24, kutanthauza pafupifupi dola imodzi ndi masenti 25 pa munthu. Chotsatsacho chinaoneka ka 22,000 kwa anthu 11,000, ndiye kuti aliyense anachiona kawiri. Sabata yachiwiri ndinalipiranso madola 30 omwewo koma anandilembera anthu 10 okha, mtengo n'kufika madola 3 pa munthu. Nditasankha masiku onse 14 pamodzi ndinapeza kuti Impressions afika pa 44,000 pamene Reach yangokwera kufika pa 12,000, ndiye kuti sabata yachiwiri yonse ndinapeza anthu atsopano 1,000 okha, ndalama zotsalazo zinapita pobwerezera uthenga kwa anthu amene anali atauona kale n'kuupitirira. Mukaona mtengo ukukwera limodzi ndi Frequency pamene Reach yaima, mankhwala ake ndi kukulitsa gulu, mwachitsanzo kuwonjezera Blantyre ndi Mzuzu, kapena kuika chithunzi chatsopano. Kuwonjezera bajeti kumangofulumizitsa kutopa kwa anthu omwewo. Koma mtengo ukakwera pamene Frequency ili pansi, yang'anani mzere wa CPM, umene ndi mtengo woonetsera chotsatsa ka 1,000, chifukwa nyengo ya zikondwerero otsatsa amachuluka ndipo malo otsatsira amakwera mtengo, zimene sizikhudzana ndi chithunzi chanu.

Chachitatu, chimene ndimachikhulupirira kuposa zinazo, sichili mu Ads Manager konse, ndipo ndi kope la pa kauntala. Facebook imadziwa kuti munthu wakulemberani, koma sidziwa ngati watumiza ndalama ya chikole pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Mwa anthu 34 aja, amene analipira anali 4, choncho mlendo mmodzi weniweni anandidyera madola 15, ndipo imeneyo ndiyo nambala yoyerekeza ndi phindu limene mumapeza pa chipinda. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti mu kampeni imeneyo munali zotsatsa ziwiri zimene zinadya ndalama pafupifupi zofanana. Cha chithunzi cha dzuwa likutuluka panyanja chinabweretsa anthu 22 koma analipira mmodzi, pamene china chimene ndinalembapo mtengo wa chipinda poyera chinabweretsa anthu 12 okha koma analipira atatu. Pa dashibodi choyambacho chinkaoneka chotchipa, madola osakwana 1.50 pa munthu poyerekeza ndi 2.50 a chinzake, ndipo ndikanatsata tchati chokha ndikanazimitsa chotsatsa chimene chinkandipatsa mlendo pa madola 10, n'kusiya chimene chinkamupereka pa madola 30. Kuti mudziwe amene wachokera ku chotsatsa chiti, chilichonse chipatseni uthenga wake woyambira wosiyana ndi chinzake, monga "Ndikufunsa za chipinda cha banja" ndi "Ndikufunsa za mtengo wa Khirisimasi", ndipo wolandira alendo azilemba m'kope tsiku, uthengawo, ndiponso ngati munthuyo walipira.

Samalaninso kuti akaunti yanu inatcheredwa pa nthawi ya dera liti. Ngati amene anakutsegulirani anasiya nthawi ya ku Los Angeles, tsiku la pa dashibodi limayamba 10 koloko m'mawa kuno m'mwezi wa Disembala, moti mauthenga a Loweruka m'mamawa amawerengedwa ngati a Lachisanu, ndipo kope lanu ndi tchati sizigwirizana mukamayerekeza tsiku ndi tsiku.

Matchati a zaka za anthu, a amuna ndi akazi, ndi mzere wa Clicks (all), umene umawerenga ngakhale munthu wongokulitsa chithunzi, asiyeni kufikira alendo olipira atachuluka. Ndaona ena akukuuzani kuti mulembe katswiri wa ku Lilongwe akukonzereni dashibodi yamitundumitundu, koma pa zipinda 6 ndi bajeti ya madola osafika 150 pamwezi, ndalama imeneyo ingakupindulireni kwambiri mutailipira wojambula zithunzi zabwino za zipindazo, makamaka za kubafa ndi za makonde oyang'ana kunyanja, chifukwa n'zimene alendo a ku Lilongwe amapempha kuona asanatumize chikole.