Kuuza antchito kuti chaka chino malipiro sakwera

"Abale, ndili ndi shopu yooda pa Ngabu, antchito 12. Chaka chino sindikwanitsa kuwakweza malipiro. Ndiwauze bwanji osawakhumudwitsa?"

Achimwene, kukhumudwa kokha akhumudwa. Chofunika n'choti asaone ngati mwawapusitsa.

Ine ndili ndi chigayo ndi kashopu pa Nchalo. Mu 2023 namondwe wa Freddy anatiwonongera katundu, kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndinangokhala chete, anthu n'kudziwira pa envulopu ya Januwale. Mlonda wanga, bambo wachikulire, anawerenga ndalama zake kawiri, n'kundiyang'ana, osayankhula kanthu. Mpaka lero ndimachita manyazi.

Yambani mwaona makontirakiti. Ngati munalemba kuti malipiro azikwera chaka chilichonse, simungangoimitsa nokha, muyenera kugwirizana nawo ndipo musainirane. Komanso boma likakweza malipiro otsikitsitsa, amene ali pansi pa mlingowo muyenera kumukweza, bizinesi ivute isavute. Ku ofesi ya leba ku Chikwawa akuuzani mlingo wa panopa.

Kenako aitaneni onse pamodzi, kudakali milungu ingapo tsiku lolandira lisanafike. Pa WhatsApp ayi, kutuma kapitawo ayi. Chitani m'mawa musanatsegule, dzuwa la kwathu kuno likakwera palibe amamvetsera mnzake.

Mawu oti "zinthu zavuta" aliyense amanena, ndiye tengani kope. Tiyerekeze kuti onse pamodzi mumawalipira K2,000,000 pamwezi. Kukweza ndi 15 peresenti ndi K300,000 yowonjezera, osawerengera 10 peresenti ya penshoni imene olemba ntchito amasonkha. Ngati mukalipira lendi, magetsi, thiransipoti yochokera ku Limbe ndi ngongole ya kubanki mumatsala ndi K200,000, alembereni zimenezo aone okha. Koma malipiro a munthu payekha musatchule pagulu.

Ndiye nenani mosazungulira: "Chaka chino malipiro sakwera, kuphatikizapo anga. Palibe akudulidwa. Ndikudziwa kuti thumba la chimanga lakwera, ndiye ndalama yomweyi ikugulirani zochepa kusiyana ndi chaka chatha. Vuto si kagwiridwe kanu ka ntchito." Zoti palibe achotsedwa ntchito mulonjeze pokhapokha mukutsimikiza. Ndipo chonde, asatuluke pakamwa panu mawu aja oti "muzithokoza, anzanu akusowa ntchito." Amapweteka kuposa nkhaniyo.

Musanene kuti "zikayamba kuyenda tiona." Tchulani mwezi. Pa Ngabu ndalama imaoneka alimi akagulitsa thonje, ndiye auzeni kuti mu Julayi mudzakhalanso pansi ndi kope lomwelo, ndipo mutchule malonda amene akafikidwa mudzakweze. Zonsezi muwapatse pa kalata.

Akangokhala zii osafunsa kanthu, musaganize kuti amvetsa. Ambiri sangatsutse bwana pagulu, choncho masiku otsatirawo chezani nawo mmodzimmodzi. Mukaona adivansi ikupemphedwa pakati pa mwezi ndi anthu amene sankapempha, dziwani kuti zawafika pakhosi.

Ndipo ngati munali ndi maganizo ogula galimoto ina, muyambe mwadikira. Ngabu ndi yaing'ono, aiona tsiku lomwelo.