Mawu a mchimwene wa mkwatibwi: mphindi zinayi zigawidwe bwanji?

"Mlongo wanga wamng'ono akukwatiwa mwezi wamawa ku Zomba. A komiti andipatsa mphindi zinayi ku holo kuti ndilankhule ngati mchimwene wake wamkulu. Bambo athu anatisiya kalekale, amayi alipo. Ndikufuna mawu achikondi, anthu asekeko pang'ono, koma ndisachititse manyazi wina aliyense. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa nkhani imodzi. Imodzi yokha, yaubwana, imene inu munaiona ndi maso anu ndipo ankhoswe, abusa ndi alangizi sangaifotokoze chifukwa panalibe. Malangizo a banja alongo anu amva kale pa chinkhoswe, amvanso ku tchalitchi mmawa wa tsikulo. Chimene holo ikudikira kwa inu ndi umboni wa munthu amene anakula naye nyumba imodzi. Mukaipeza nkhaniyo, zina zonse ndi zongoikulunga.

Tiyambe tawerengera nthawi. Mphindi zinayi sizonse zanu, chifukwa kuseka, m'manja ndi nthungululu zimadya pafupifupi theka la mphindi. Choncho lembani zoti mukamawerenga nokha kunyumba zizitha pa mphindi zitatu ndi theka. Mawu a Chichewa ndi aataliatali, ndiponso m'holo mawu amabwerera kuchokera kukhoma, kotero mumayenera kulankhula mofatsa kuposa masiku onse. Ine ndingati musapitirire mawu 350. Werengani mokweza, mutaimirira, foni ikuwerenga nthawi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, kumathamanga kuposa pakamwa.

Masekondi 30 oyamba ndi a ulemu, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mphindi ziwiri zathunthu kutchula aliyense amene amuona. Tchulani magulu, osati anthu: abusa, mafumu ngati alipo, makolo a mbali zonse, ankhoswe akuchimuna ndi akuchikazi, kenako "nonse amene mwabwera, landirani ulemu wanu." Funsiranitu kwa ankhoswe ngati padzakhale mfumu komanso udindo wake weniweni. Kutchula a Gulupu kuti a Nyakwawa kumakhumudwitsa mudzi wonse umene wabwera nawo, ndipo nthabwala zanu zotsatira sizikomanso kumbali imeneyo. Mukatero dzitchuleni m'chiganizo chimodzi, kuti ndinu mchimwene wake wamkulu, basi. Ntchito imene mumagwira ndi kumene mumakhala zisalowe.

Tsopano nkhani ija, imene itenge mphindi imodzi ndi theka. Iyeseni ndi mafunso atatu. Kodi ikuonetsa khalidwe labwino limene alongo anu ali nalo mpaka lero? Kodi wosekedwa ndi inu, kapena ndi iye? Kodi mungaifotokoze apongozi ake ndi agogo atakhala pa mphasa patsogolo panu? Funso lachiwirilo ndiye mtima wa zonse. Mkwatibwi wakhala kutsogolo, maso onse ali pa iye, sangayankhe. Mukamuseka iye, holo imaseka mokayika uku ikuyang'ana nkhope yake. Mukadziika inu pamalo a wogonja, iye n'kukhala wochenjera, anthu amaseka momasuka ndipo iyenso amaseka nawo.

Tiyerekeze kuti amayi anu ankakazinga zitumbuwa ndipo wogulitsa anali mlongo wanuyo ali Sitandade 3. Nkhani ingamveke chonchi:

"Amayi akakazinga zitumbuwa, beseni ankapatsa uyu, osati ine wamkulu. Tsiku lina ndinatolapo ziwiri, n'kumuuza kuti, 'Ndine mchimwene wako, usanene.' Sananene. Madzulo ndinapeza kumapeto kwa kope lake la masamu atalemba kuti: 'Achimwene, zitumbuwa 2, sanalipire.' Mawa lake ndinatolanso. Analembanso. Pofika kumapeto kwa temu, ine ndinali ndi tsamba langalanga."

Apa imani. Werengani mpaka katatu mumtima, anthu aseke. Ndiye tsitsani mawu:

"Tsiku limene ndinkapita ku sekondale yogonera komweko, nditafika ndinatsegula chikwama. Pamwamba pa zovala panali zitumbuwa zokulunga m'pepala. Pepalalo linali tsamba lija. Anali atakhwatcha ngongole yonse, pansi n'kulemba kuti: 'Mudye, musalipire.' Ameneyu ndiye mlongo wanga. Saiwala kanthu, koma amakhululuka."

Taonani mmene yamangidwira. Muli zinthu zogwirika: beseni, kope la masamu, nambala 2. Mawu oti "ndi wosamala ndalama" kapena "ndi wamtima wabwino" simunawanene, koma aliyense wawamva. Choseketsa chili kumapeto kwa chiganizo, chifukwa mukachiika pakati anthu amayamba kuseka inu mukulankhulabe ndipo zotsalazo zimamira. Komanso kuseka kwabwera poyamba, chikondi pambuyo. Mukasinthanitsa, anthu amene angoyamba kulengeza misozi amavutika kuti aseke. Nkhani yanu ikhale yoona, musabwereke yangayi. Pamaliro ndi paukwati abale amakhala ambiri, ndipo azakhali amene akudziwa kuti sizinachitike amanenera pomwepo.

Mphindi yotsatira ndi ya mkwati. Pano chikhalidwe chathu chakupatsani mwayi, pakuti mlamu ndi munthu amene mungaseke naye, kusiyana ndi apongozi. Koma nthabwalayo ichokere m'nkhani yomwe ija, musayambe ina. Mwachitsanzo: "Alamu, kope lija silinathe masamba. Mukabwereka ya minibasi, bwezani sabata lomwelo. Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima." Akaseka, nenani chinthu chimodzi chenicheni chimene munaona mwa iye. Mwina amayi atagonekedwa m'chipatala ankabwera ndi chakudya madzulo aliwonse asanapemphedwe. Mwina anabwera kudzathandiza kukolola. Kanthu kamodzi kotere kamalemera kuposa kunena kuti ndi munthu wabwino kasanu, ndipo amayi ake akamva kuti mwana wawo anaonedwa, mwapeza abale tsiku lomwelo. Tembenukirani kumene akhala akuchimuna, muwathokoze polera mwana wotere.

Pali mawu amodzi amene achimwene ambiri amaganiza kuti ndi nthabwala: "Ukadzamuzunza udzandiona." Ndikupemphani, asiyeni. Achinyamata kumbuyo amakuwa, inde, koma makolo akuchimuna amamva kuti mwana wawo akuganiziridwa zoipa pagulu. Kwa ife amene timatsata kuchikazi, inu ndinu malume a ana amene adzabadwe, ndipo mawa nkhani za mbumba zidzafika pakhomo panu. Mlamu amene munamuopseza pa maiki sadzabwera kwa inu zinthu zikadzavuta. Ngati mukufuna adziwe kuti mlongo wanu ali ndi womuyang'anira, nenani motere: "Khomo langa ndi lotsegula kwa nonse awiri."

Zina zoti zisatuluke pakamwa panu ndi izi. Zibwenzi zakale, ngakhale mongozungulira ngati "tinaona ambiri akubwera." Msinkhu wa mkwatibwi ndi zoti tinadikira nthawi yaitali. Fizi imene munamulipirira, chifukwa imasandutsa chikondi kukhala risiti. Ndalama zimene akuchimuna anapereka kapena sanamalize. Nthabwala za mtundu wa anthu, kaya mlamu ndi Mtumbuka, Mlomwe, Myao kapena Msena, ngakhale inu awiri mumasekana choncho mukakhala panokha. Ndiponso zoti "tikufuna mwana chaka chino." Imeneyi imaombetsa m'manja, koma kanemayo amakhala zaka, ndipo ngati mphatso ya mwana yachedwa, mawu anu adzakhala opweteka nthawi iliyonse akamuonera.

Za bambo anu. Atchuleni, koma m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chakumapeto, anthu ataseka kale. Mukayamba nazo, mmero umatsekeka ndipo simufikanso pa zitumbuwa. Mungati, "Bambo athu akanakhalapo, bwenzi akunyadira. Amayi, ntchito ya anthu awiri munaigwira nokha, ndipo zipatso zake ndi izi." Auzirenitu amayi ndi mkwatibwi kuti mudzatchula bambo, zisadzawadzidzimutse. Chiganizo chimenechi chibwerezeni mokweza kunyumba kakhumi kapena kuposa, mpaka chizituluka osatsamwa. Misozi ikabwerabe pa tsikulo, imani, pumani, yang'anani pa pepala. Musapepese. Anthu adzakudikirani, ndipo kawirikawiri amayi ena amayamba m'manja kukuthandizani.

Potseka, muitaneni mlongo wanu ndi dzina limene mumamutchula kunyumba, ngati silochititsa manyazi, mumuuze mawu anuanu awiri, mudalitse banjalo, kenako mupemphe m'manja ndi nthungululu. Mawu oti "pomaliza" anenedwe kamodzi.

Chilankhulo chikhale chimene amayi anu ndi agogo ochokera kumudzi akumva. Ngati akuchimuna ena samva bwino Chichewa, apatseni chiganizo chimodzi chowalandira m'chilankhulo chawo kapena m'Chingerezi, koma musamasulire nkhani yonse. Nthabwala yonenedwa kawiri imafa, ndipo mphindi zinayi zimasanduka zisanu ndi zitatu.

Zotsalazi ndi za m'holo momwemo, ndipo zimagwetsa mawu abwino ambiri. Onanani ndi emsi sabata isanafike, mumupemphe kuti akuikeni perekaniperekani asanatenthe. Anthu akayamba kuvina ndi kusintha ndalama ku tebulo, kuwakhazikanso pansi n'kovuta, ndipo mukaikidwa keke atagulitsidwa kale mudzalankhula ndi mipando. Mumuuzenso kuti asakulowereni pakati. Aemsi ambiri akamva anthu akuseka amaponyapo yawo, ndiye gawo la "mudye, musalipire" limene limafuna bata limatayika. Dijeyi naye muuzeni chiganizo chanu chomaliza liwu ndi liwu, kuti asadzayatse nyimbo pamene mwaima kudikira kuseka, poganiza kuti mwatha.

Lembani pa pepala, zilembo zikuluzikulu, mbali imodzi yokha. Foni imazima yokha, imalowa uthenga, ndipo imakuweramitsani. Ikani chizindikiro pamalo atatu oima: pambuyo pa nthabwala yoyamba, pambuyo pa ya alamu, ndi musanatchule bambo. Maiki ikhale motalikira zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa, ndipo mukatembenukira kwa akwati itembenuke nanu, apo ayi mawu ofunika kwambiri amamveka kwa akutsogolo okha. Musaime kutsogolo kwa sipika, maiki imalira mluzu. Ngati mumamwa, dikirani mulankhule kaye.

Kusanachitike zonsezi, werengerani anthu awiri: azakhali kapena amalume amene amadziwa zokhumudwitsa akuluakulu, ndi mnzake wapamtima wa mkwatibwi amene amadziwa zimene iye sakonda kuti zimveke. Mwini wakeyo mungomuuza mutu wa nkhani, kuti "ndidzanena za zitumbuwa zija," osamuwerengera yonse. Akakana, sankhani ina popanda kukangana naye. Ndipo m'thumba la jekete ikanimo ndalama zofupira zosinthasintha kale, kuti nyimbo ikangoyamba mupereke maiki kwa emsi n'kulunjika kumene akhala awiriwo, abale akuchikazi akutsatireni pambuyo.