Mawu aja a pa pepala la amayi

"Achemwali, amayi atuluka lero, tafika bwino kunyumba. Koma pa pepala lomwe atipatsa alembapo kuti Comorbidities: HTN, T2DM. Ndiye kuti awapeza ndi matenda ena omwe sanatiuze? Chithunzi chake ndi icho."

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene ku ntchito kuchipatala kuno, ndiye ndati ndingoyankhula kuti alamu nawonso amve, pajatu ndi amene akukhala ndi amayi usana onse.

Choyamba mtima ukhale m'malo. Palibe chomwe akubisirani. Chithunzi chija ndachikulitsa, ndawerenga mzere ndi mzere. Mawu amenewo timawatchula kuti komobiditi, ndipo si dzina la matenda ayi. Ndi mutu chabe wa mzere, ngati mmene pamwamba alembera dzina ndi zaka. Amatanthauza matenda ena omwe munthu ali nawo kale pambali pa omwe amugoneka m'chipatala ulendo umenewo. Amayi anagonekedwa chifukwa cha chibayo, ndicho chalembedwa pamwambapo. Ndiye pansi pakepo adokotala akuuza aliyense amene adzawerenge pepalalo kuti, mayi awa musangowaona chibayo chokha, alinso ndi zina ziwiri. HTN ija ndi bipi yawo ija, kuthamanga kwa magazi. T2DM ndi shuga wa mtundu wachiwiri, uja amayamba munthu atakula. Zonsezi mukuzidziwa, ndi zomwe amapitira ku kiliniki mwezi ndi mwezi zija.

Mukukumbukira nthawi ya kovidi, 2020 ndi 2021 muja, pa wailesi ankati anthu omwe ali ndi matenda ena amgonagona adzisamale kwambiri? Eya, pa Chingerezi ankanena mawu omwewa.

Ndipo muone, mzere umenewu umasinthasintha malinga ndi chomwe chabweretsa munthu. Amayi akanagonekedwa chifukwa shuga wakwera kwambiri, shugayo akanalembedwa pamwamba, ndiye pa mzere wa komobiditi pakanatsala bipi yokha. Komanso ndi zosiyana ndi vuto lomwe labadwa kuchokera ku chibayo chenichenicho, monga madzi kudzadza m'mbali mwa mapapo. Limenelo amalilemba padera, ndipo pa pepala la amayi palibe, zomwe ndathokoza Mulungu.

Koma tsono, achimwene, ngakhale mawuwo sakuopsa, mzere umenewu ndi umene wandichititsa kuti ndiliyang'anitsitse pepalalo, ndipo ndaonapo chinthu chomwe ndikufuna tichikonze mawa lomwe.

Tayang'anani m'munsi momwe alemba mankhwala opita nawo kunyumba. Pali amokisilini wa masiku asanu ndi panado. Basi. Mankhwala a bipi palibe, a shuga palibe. Chonsecho pamwamba avomereza okha kuti amayi ali ndi bipi ndi shuga. Kunyumba amamwa amulodipini wa bipi m'mawa, ndipo a shuga ndi metifomini kawiri ndi kapilitsi kakang'ono kaja ka gilibenkilamaidi. Ndiye funso ndi lakuti, kodi adokotala akuganiza kuti amayi apitiriza okha akale aja, kapena anawaimitsa dala? Pepalalo silikunena.

Ndikuuzeni chomwe chimachitika mu wodi. Munthu akabwera ndi chibayo chachikulu, thupi latentha, sakudya, madzi achepa m'thupi, bipi nthawi zambiri imatsika. Ndiye mankhwala otsitsa bipi timayamba tawaimitsa, kuopa kuigwetseratu. Metifomini nayenso timamuimitsa kaye, chifukwa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo impso za munthu wodwala kwambiri, wopanda madzi okwanira, sizisefa bwino, mankhwalawo amaunjikana m'magazi n'kuyambitsa vuto lina. M'malo mwake shuga akakwera timabaya insulini. Alamu ananena kuti ankawabaya kajakisoni kakang'ono pamimba, mwina ndi imeneyo. Zonsezi ndi zoyenera. Pomwe pamavuta ndi tsiku lotuluka. Wodi yadzadza, wolemba akuthamanga, amangolemba mankhwala a matenda omwe anabweretsa munthu, akale aja osatchulapo kanthu.

Ine ndinaona ndi maso anga bambo wina, wamkulu ngati malemu bambo athu, yemwe anatuluka ndi pepala lotere. Ana ake anaganiza kuti mankhwala atsopanowo alowa m'malo mwa akale, ndiye mapaketi a bipi aja anawaika pamwamba pa kabati. Chibayo chinatha bwinobwino. Patapita miyezi iwiri anabwera nawo pa mpando wa matayala, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Mwana wawo wamkazi anatulutsa pepala lija m'chikwama atalipinda bwino, akuti tinatsatira zonse zomwe zalembedwa apa. Ndipo ankanena zoona. Nkhope ya mtsikana uja sindiiwala.

Ndiye chonde musaganizire nokha, kaya kuyambiranso onse kaya kusiya onse. Mawa m'mawa mutenge pepalalo, buku lawo la kuchipatala lija, ndi mapaketi onse a mankhwala ali m'nyumbamo, ngakhale otsala mapilitsi awiri, muike mu jumbo imodzi. Mupite ku wodi komwe anagona, kapena ku kiliniki yawo ya shuga ndi bipi. Mukafunse kuti mwa atatuwa ayambirenso ati, liti, ndipo muyezo wake ukhale womwewo kapena ayi. Mukafunsenso ngati anayeza magazi a impso ali mu wodi, ndipo zotsatira zake zinali bwanji, chifukwa yankho la metifomini lagona pamenepo. Zomwe akakuuzenizo akalembe m'bukumo, musangomva pakamwa.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi gilibenkilamaidi uja. Ameneyu amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Alamu akuti amayi akungolawa phala masipuni atatu n'kukankha mbale. Munthu wodya choncho, wa zaka 67, mukamupatsa kapilitsi kameneka, shuga akhoza kugwa usiku ali mtulo. Ndiye makamaka ameneyu usiku uno asamwe, mpaka mukamve mawa. Zizindikiro za shuga wotsika muzidziwe nonse m'nyumbamo, ndi ana omwe: thukuta lozizira, manja kunjenjemera, kuyankhula zosagwirizana, kukwiya popanda chifukwa, kapena kugona kovuta kudzutsa. Pa kamakina kawo koyezera kaja, nambala ikatsika pansi pa 70, ndi chimenecho. Ngati akutha kumeza, sungunulani shuga matiyisipuni atatu kapena anayi m'madzi amwe, dikirani mphindi 15, yezaninso, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati sakudzuka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe, thamangani nawo kuchipatala.

Mbali inayo ilinso. Matenda ngati chibayo amakweza shuga okha, ngakhale munthu asadye zotsekemera, chifukwa thupi likamalimbana ndi tizilombo limatulutsa shuga wambiri m'magazi. Ndiye sabata ino muziwayeza m'mawa asanadye ndi madzulo, n'kulemba m'kope tsiku, nthawi ndi nambala. Mukaona nambala zikungokhala pamwamba pa 250, ludzu losatha, kukodza usiku onse, musadikire tsiku lobwereranso lomwe alemba lija.

China chomwe mzere uja ukutiuza ndi za mankhwala ogula. Ndikudziwa amayi mawondo akawavuta amatuma mwana kugolosale kukagula bulufeni kapena indosidi. Kwa mnyamata wathanzi kumwa tsiku limodzi si nkhani. Koma kwa munthu wa bipi ndi shuga, mankhwala amenewa amakweza bipi ndipo amapweteka impso, zomwe shuga ndi bipiyo akuzidya kale pang'onopang'ono zaka zonsezi. Panopa atangotuluka kumene ndiye nthawi yoipitsitsa. Panado yemwe awapatsayo akukwana. Mankhwala a chifuwa a m'botolo aja ambiri amakhala ndi shuga, ndipo ena a chimfine amakweza bipi, musagule musanafunse. Ndi zitsamba zomwe azakhali abwere nazo Loweruka, ndikuwadziwa sabwera chimanjamanja, muwalandire bwino koma muwauze kuti tidikire kaye.

Za kuchira, musayerekeze ndi mmene munachirira inu chaka chija. Shuga amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye chibayo cha munthu wa shuga chimachedwa kutha ndipo chikhoza kubwerera. Amokisilini amalize yense ngakhale aoneke kuti apeza bwino. Kufooka kungatenge masabata angapo, kutsokomola nakonso kumatha pang'onopang'ono. Koma kuzikhala kukuchepa. Thupi likayambanso kutentha, akamapuma mothamanga atangokhala pansi, akamabanika pochoka pa bedi kupita pakhonde, kapena akasokonezeka mutu, abwerere tsiku lomwelo. Ndipo mankhwala akatha koma chifuwa chili chomwecho masabata awiri, akuonda, akutuluka thukuta usiku, mukapemphe kuti ayeze makhololo. Anthu a shuga amadwala chifuwa chachikulu cha tibi kuposa anthu ena, kawiri kapena katatu, ndipo tibi nthawi zina imayamba kuoneka ngati chibayo.

Kanthu kena kakang'ono, achimwene, musandimve molakwa. Chithunzi chija mukatha kumvera muchifufute mu gulu muno, ulendo wina muzinditumizira kumbali. Za amayi tonse tikuzidziwa, palibe vuto. Koma mzere womwewu ndi pomwe amalembapo zonse zomwe munthu ali nazo, kaya ali pa mankhwala otalikitsa moyo, kaya khunyu, kaya matenda a maganizo. Muno tilimo anthu oposa makumi awiri. Tsiku lina wina adzajambula pepala la m'bale wake asakudziwa tanthauzo la zilembozo, n'kuulula zomwe mwini wake sanafune kuuza aliyense.

Pepalalo mulimate kapena kulisokerera m'buku la amayi kuti lisatayike, chifukwa a ku kiliniki sadziwa kuti anagonekedwa pokhapokha aliwone. Panopa alamu atenge kamakina kaja awayeze shuga asanagone, munditumizire nambalayo. Ngati timapepala toyezera tatha mundiuze pompano nditumize ndalama pa foni, mukagule ku famase asanatseke. Foni yanga ikhala yoyatsa usiku onse. Amayi ngati sanagone apatseni foni, ndiwamve mawu.