Kagawidwe ka mafuta a jenereta ya m'mudzi

"Anzanga, komiti yandisankha kuti ndikafotokoze pamsonkhano wa m'mudzi mmene tizisonkhera za jenereta yathu ya dizilo ya 10 kVA. Ena akuti tizilipira mofanana, ena akukana. Ndikanene chiyani?"

Achimwene, mukakaima pamaso pa anthu musayambe ndi ndalama, yambani ndi malita, chifukwa mtengo wa dizilo umasinthasintha pomwe kamwedwe ka injini kali komweko. Kenaka auzeni kuti matumba akhale awiri, la mafuta ndi la kukonzera.

Ine ndikadayankhula chonchi: "Makolo anga ndi abale nonse, jenereta ngati yathuyi ikamakoka katundu wokwanira imamwa malita pafupifupi awiri pa ola. Tikamayatsa maola anayi usiku uliwonse, pamwezi ndi maola 120, malita 240. Tiyeni tiwerenge mawati 100 ngati gawo limodzi. Nyumba ya mababu ndi kutchaja foni itenge gawo limodzi, ya wailesi yakanema magawo awiri, wa golosale yemwe ali ndi firiji magawo asanu."

Apa muwerengere limodzi ndi anthu, mokweza. Tinene kuti nyumba za mababu zilipo 30, za kanema 10, magolosale awiri: magawo onse ndi 60. Malita 240 kugawa pa 60, gawo lililonse ndi malita anayi. Agogo a mababu awiri alipira mtengo wa malita anayi, wa firiji malita 20. Ndani angati waponderezedwa pamenepo? Ndalamayi izisonkhedwa mwezi usanayambe, chifukwa munthu amavuta kulipira magetsi amene anayaka kale.

Thumba lachiwirilo ndiye ambiri amaliiwala, ndipo ndi lomwe limaphetsa majenereta. Oyilo ndi fyuluta zimasinthidwa potengera maola, pa injini zambiri za dizilo pakatha maola 250, kwa inu ndiye kuti miyezi iwiri iliyonse. Injiniyo imatha ngakhale atayatsa anthu ochepa, choncho apa nyumba iliyonse isonkhe mofanana, ndi kakang'ono kosungira batire ndi makaniko.

Funso loti "nanga wina akamaba?" lidzabwera ndithu. Yankho ndi kope. Woyatsa azilemba nambala ya pa mita ya maola ndi malita amene wathira, wina wosunga ndalama azisainira. Mukaona kamwedwe kakwera kupyola malita awiri pa ola, mwina dizilo akutuluka ndi chigubu, mwina fyuluta ya mpweya yatsekeka, kapena wina walumikiza simbi, yomwe payokha imakoka mawati 1,000, magawo khumi athunthu. Mukapemphe kuti nyumba iliyonse aiikire buleka yolingana ndi magawo ake, yoti izizima yokha wina akapyola muyeso.

Musalole kuyatsira nyumba zitatu zokha masana. Dizilo amapsa ndithu, ndipo injini yoyenda mopepuka nthawi yaitali imayamba kudontha zakuda zonata kupaipi ya utsi. Wofuna maola apadera agule yekha mafuta a maolawo.