Chifukwa chake akupatsani 12 m'malo mwa 20

"Nyumba yanga ili pa inshuwalansi ya mamiliyoni 60 chiyambire zaka zisanu zapitazo. Mphepo yasasula denga, mvula n'kuononga siling'i ndi mawaya a magetsi. Amisiri akuti kukonza ndi mamiliyoni 20, koma kampani ikuti indipatsa 12 basi. Kodi 20 yaposa 60? Si kuba kumeneku?"

Pepani ndi ngoziyo, achimwene. Koma musanapite kukakalipa ku ofesi kwawo, tulutsani kaye chikalata cha mgwirizano wanu mufufuze ndime yonena za avareji, imene imadula malipiro ngati nyumba inalembetsedwa pa ndalama zochepera mtengo woimangiranso. Ndikukhulupirira kuti ndi imene yakudyerani mamiliyoni 8 amenewo.

Munthu amene kampani inamutuma kudzaona zoonongeka sanangoyang'ana denga lokha ayi. Anayezanso nyumba yonse ndi kudzifunsa kuti, ikanati igwe yonse tsiku la mphepolo, kuimanganso monga inalili kukanadya ndalama zingati? Poona 12 akukupatsaniyo, ndiye kuti anapeza mamiliyoni 100. Inu munalembetsa 60. Kwa iwo, ndiye kuti munawagulitsa magawo 60 okha mwa magawo 100 a chiopsezo, ndipo ndalama zimene mwakhala mukulipira chaka ndi chaka zinali za magawo 60 omwewo. Magawo 40 otsalawo munawasenza nokha osadziwa. Tsono ngozi ikagwa, yaikulu kaya yaing'ono, mumagawana motero. Amatenga 20 ya kukonza, kuchulukitsa ndi 60, kugawa ndi 100, kutsala 12. Muonenso ngati ekisesi, kandalama kaja kamene mwini nyumba amadzilipirira yekha pa ngozi iliyonse, achotsa kale kapena sanachotse, chifukwa 12 ameneyo akhoza kutsikanso.

Ambiri amaganiza kuti 60 ija ili ngati thumba loti muzitapamo mpaka lithe. 60 ndi malire a zimene angakupatseni, inde, komanso ndi mawu anu akuti "nyumba yanga kuimanganso ndi ndalama zakutizakuti". Mawuwo akapezeka operewera, chilichonse chimene mungapemphe chimadulidwa pa mlingo womwewo. Nyumba ikanapsa yonse mukanalandira 60, n'kuyamba kusaka 40 kuti mulowenso m'nyumba yofanana ndi yoyambayo.

Nanga 60 inasanduka bwanji 100? Mwina panthawiyo inali yolondola, koma simenti, malata, matabwa ndi malipiro a amisiri sizinaime kukwera zaka zisanu zonsezi, pamene inu mumangosainira nambala yomweyo chaka chilichonse. Mwinanso munaonjezera chipinda, mpanda kapena matailosi osawauza. Ena amatenga nambala ya ngongole imene anatenga kubanki, zomwe zimateteza banki osati iwo. Ena amalemba mtengo umene angagulitsire nyumbayo, ndipo apa mpamene anthu amasokonezeka kwambiri. Mtengo wogulitsira umaphatikiza malo, koma malo sapsa. Nyumba ya pamalo odula ikhoza kugulitsidwa ndalama zambiri kuposa zoimangiranso, pamene nyumba yakale ya zipupa zochindikala, kudera kumene ogula ndi ochepa, ikhoza kugulitsidwa motchipa koma kuimanganso n'kudula koopsa. Kampani imayang'ana za kumanganso basi.

Ndipo kumanganso si njerwa ndi malata okha. Muli kugumula zipupa zotsala, kututa zinyalala, kulipira wojambula mapulani ndi injiniya, ndi chilolezo chomangira. Zimenezi n'zimene anthu amaziiwala.

Musathamangirenso kulembetsa 150 poganiza kuti mudzapindula. Inshuwalansi imangokubwezerani pamene munali, ndiye adzalipira zimene zaonongeka zenizeni, ndalama zoonjezera zimene mwakhala mukupereka zidzangopita pachabe.

Pa nkhani yanuyi, pamene mungalimbane napo ndi pa 100 paja. Apempheni akulembereni mmene anaipezera: nyumba anaiyeza masikweya mita angati, ndipo sikweya mita imodzi anaiwerengera ndalama zingati. Onani ngati sanaphatikizemo zinthu zimene mgwirizano wanu sukhudza. Kenako pezani katswiri wowerengera ndalama zomangira, wodziimira payekha, akuwerengereni. Akapeza kuti kumanganso ndi 80, gawo lanu likhala 60 mwa 80, ndipo pa 20 paja muyenera kulandira 15. Mamiliyoni atatu amenewo ndi oyenera kuwalembera kalata. Werenganinso bwino ndime ya avareji ija, poti migwirizano ina siidula kanthu ngati kuperewerako kuli kochepa, ngakhale kuti 60 pa 100 ndikukayika ngati ingapulumuke.

Denga likatha kukonzedwa, nambala imene katswiriyo wapeza ndi imene mukalembetse, ndipo muwafunse akampaniwo ngati ali ndi ndime yokweza nambalayo yokha chaka chili mkati molingana ndi kukwera kwa mitengo. Ngakhale ilipo, pakapita zaka ziwiri kapena zitatu muziwerengetsanso, ndipo mukamanga chipinda china muziwauza pomwepo osadikira kuti chaka chithe.