Masamba 60 olembedwa ndi makina: kodi Google ilanga loji yanga?

"Ndili ndi kaloji ka zipinda zisanu ndi chimodzi kufupi ndi Likhubula, kuno ku Mulanje. Mwana wa achemwali anga anandikonzera webusaiti, ndipo chaka chatha anaikapo masamba 60 olembedwa ndi ChatGPT. Pano mnyamata wina wa ku Blantyre akuti Google imanunkhiza zolemba za makina n'kulanga mwini wake, ndiye akufuna K450,000 kuti alembenso zonse pamanja. Ndilipire?"
— Mayi wa ku Likhubula

Mayi, ndalamayo ibakhala m'thumba. Mnyamatayo wanena zoona theka, ndipo theka limene wasiyalo ndi limene lili ndi ndalama zanu.

Mu February 2023 a Google analengeza poyera mmene amaonera zolemba za makina. Mfundo yawo inali yakuti amayang'ana ubwino wa cholembedwacho, osati amene wachilemba, kaya ndi munthu kaya ndi makina. Chimene amaletsa ndi kugwiritsa ntchito makina pofuna kupusitsa makina awo osakira zinthu kuti tsamba likwere pamwamba. Mu March 2024 anaika lamulo lotchedwa `scaled content abuse`, lonena za kutulutsa masamba ambirimbiri opanda phindu kwa owerenga n'cholinga chongokola anthu. Ndipo ananena momveka kuti lamulolo likhudza masamba otero ngakhale atalembedwa ndi anthu. Apa ndi pamene malonda a mnyamata wanuyo akugwera m'madzi: masamba 60 opanda kanthu akalembedwanso pamanja, akhalabe masamba 60 opanda kanthu.

Tiwerengere. K450,000 kugawa ndi 60 ndi K7,500 pa tsamba. Ndi ndalama imeneyo munthu sangakwere minibasi ku Limbe, kutsika pa Chitakale, kukwera kabaza mpaka kwanuko n'kudzafunsa magaidi za njira. Adzalemba ali khale ku Blantyre, kutola zimene ena analemba kale, ndipo sindingadabwe atapempha makina omwewo kuti amusinthire mawu. Tiyerekeze kuti chipinda chanu ndi K30,000 usiku umodzi. Ndiye kuti mukupereka ndalama yonse ya mausiku 15, musanachotsepo sopo, magetsi ndi malipiro a antchito. Akakuonetsani kapulogalamu kolemba kuti tsamba ili ndi la makina, musatekeseke. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inali ndi kapulogalamu kake koteroko ndipo inakatseka mu July 2023 chifukwa kankaphonya kwambiri.

Musanagule mankhwala, yambani mwadziwa ngati pali matenda. Google ili ndi chida chaulere chotchedwa Google Search Console, chimene chimauza mwini webusaiti mmene masamba ake akuyendera. Muitaneni mwana wa achemwali anuyo, akhale nanu pansi, atsegule inu mukuona. Pomwepo mumuuze akuikeni inuyo ngati mwini wake pa imelo yanu. Ndaona mabizinesi angapo akusowa pogwira mwana amene ankadziwa mawu achinsinsi atapita ku Joni.

Poyamba tsegulani pamene palembedwa `Manual actions`. Apa ndi pamene chilango chenicheni chimaonekera, chimene munthu wa ku Google amachipereka ataona webusaiti yanu ndi maso ake. Mukapeza mawu akuti `No issues detected`, chilango chotero mulibe, ndipo wokuopsezaniyo mumuonetse zimenezo. Komabe musavine msanga. Masamba ofooka nthawi zambiri salangidwa, amangonyalanyazidwa, ndipo kalata yokudziwitsani sibwera. Kuti muone zimenezi pitani pa `Pages`, muyang'ane mzere wakuti `Crawled - currently not indexed`. Tanthauzo lake n'lakuti Google inafika pa tsambalo, inaliwerenga, koma sinaliike m'kaundula wake. Zifukwa zimakhalapo zingapo, koma mukapeza kuti ambiri mwa masamba 60 aja aunjikana pamenepo kwa miyezi, ndiye kuti mlendo wabwera, walawa ndiwo n'kusamba m'manja.

Kenako tsegulani `Performance`, musankhe miyezi 12, muone tsamba lililonse kuti ladinidwa kangati. Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimapusitsa anthu a maloji: nyengo. Alendo okwera phiri amachuluka mvula ikatha, ndipo mu January ndi February amachepa ngakhale webusaiti ikhale yabwino chotani. Mukayerekeza February ndi August mudzalira maliro a munthu wamoyo. Yerekezani mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha.

Masamba anuwo sindinawaone, koma ndikhoza kulosera maonekedwe ake, poti oterewa ndawawerenga mpaka kutopa. Lina likunena za malo ogona otchipa ku Mulanje, lina malo ogona otchipa kufupi ndi Chitakale, lina malo ogona otchipa kufupi ndi phiri, ndipo m'kati mwake mawu ndi omwewo, dzina la malo lokha ndilo lasintha. Onse akutamanda phiri lokongola, minda ya tiyi yobiriwira ndi anthu ansangala. Ngati zili choncho, apo mpofunika kuda nkhawa ndithu, chifukwa amenewo ndiwo masamba amene lamulo la 2024 lija likunena. Vuto si dzanja limene linalemba. Vuto n'lakuti mutafufuta dzina la loji yanu n'kuikapo la loji ya ku Zomba, palibe angazindikire.

Nanga a Google amafuna chiyani? Ali ndi mawu achidule akuti `E-E-A-T`, ofotokoza zinthu zinayi: kuti wolembayo zinthuzo anazichitadi, kuti amazidziwa bwino, kuti ena amamudalira pa nkhaniyo, ndi kuti ndi wokhulupirika. Choyambacho anachiwonjezera mu December 2022, ndipo pa zinayizo iwo amati chachikulu ndi kukhulupirika. Si malikisi amene mungawapeze penapake, ndiye wina asakugulitseni kuti akukwezerani. Ndi njira yofunsira funso limene mlendo aliyense amafunsa mumtima: kodi amene walemba izi anafikako?

Apa, mayi, inu ndinu olemera kuposa makina komanso kuposa mnyamata wa ku Blantyre. Titenge tsamba limodzi, la kukwera Sapitwa kuchokera ku Likhubula. Makina adzalemba kuti nsongayo ndi yotalika mamita 3,002 ndipo ndi yaitali kuposa zonse m'Malawi. N'zoona, koma zili kale pa masamba mazanamazana, ndiye palibe chifukwa choti Google isankhe lanu. Nthawi ina ndinawerenga tsamba la loji ina lonena kuti mlendo akhoza kudya kadzutsa, kukafika pa Sapitwa n'kubwerera kudzadya nkhomaliro. Mwini wake sanaliwerenge n'komwe. Bodza loterolo silingokutsitsani pa Google, likhoza kutayitsa munthu m'phiri.

Tsono khalani pakhonde ndi gaidi amene mumagwira naye ntchito, mutchere foni kuti ijambule mawu, mumufunse zimene alendo amakufunsani tsiku ndi tsiku. Anyamuke nthawi yanji? Kusiyana kwa njira ya Skyline ndi ya Chapaluka, yodutsa ku Dziwe la Nkhalamba, n'kotani kwa munthu wa mawondo ofooka? Ulendo wonse utenga masiku angati, ndipo n'chifukwa chiyani ambiri amagona pa kanyumba ka Chisepo asanalawirire ku nsonga? M'tinyumba ta m'phirimo mlendo akapezamo chiyani, nanga anyamule chiyani yekha? Chiperoni chikatsika m'miyezi yozizira, gaidi amaona chiyani kuti anene kuti lero tibwerere? Ndi njira ziti zimene zinasintha namondwe Freddy atagumula nthaka mu March 2023? Mayankho amenewo makina alibe, pokhapokha wina awapatse.

Mukatero, apatseni makinawo zimene gaidi wanena kuti azisanje bwino m'Chingerezi, poti alendo ambiri amasaka m'chilankhulo chimenecho. Muwauze kuti asawonjezere kanthu kalikonse kamene simunanene. Akamaliza, gaidi awerenge mzere ndi mzere, chifukwa makina amakonda kudzaza mipata ndi zongopeka, ndipo amazilemba molimba mtima ngati mboni ya kukhoti. Ntchito yotere ndi yololedwa, ndipo ine ndimailimbikitsa kwa aliyense amene Chingerezi chimamuchedwetsa. Pa tsambalo lembani amene wapereka nzeruzo, akavomera, ndi zaka zimene wakhala akukwera phiri. Ikani zithunzi zojambula nokha, ngakhale za foni: chipinda mmene chililidi, bafa, msewu wofika pakhomo panu nthawi ya dzinja.

Mitengo ndiyo imaulula msanga tsamba losiyidwa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo makina akhoza kukulemberani mtengo wa gaidi kapena wa minibasi umene anautola m'zolemba zakalekale. Mlendo akafika ndi ndalama yoperewera, mkangano umakhala pa kauntala panu, kenako amakalemba madandaulo pa intaneti. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwezi ndi chaka chimene munautsimikiza. Koma musamangosintha deti pamwamba m'kati musanakonze kanthu. Zimenezo a Google anachenjeza kale kuti sizithandiza. Ananenanso kuti alibe chiwerengero cha mawu chimene amakonda, ndiye tsamba likayankha funso m'ndime zinayi, lilekeni pomwepo.

Masamba 60 aja muwapete ngati mpunga. Amene akubweretsa anthu asungeni, muwakonze ndi zimene mukudziwa. Ofanana aphatikizeni akhale limodzi, ndipo mwanayo aike `301 redirect` kuti wofika pa adiresi yakale aziperekezedwa ku tsamba latsopano. Opanda mlendo ndi opanda nzeru, afufuteni. Mukatsala ndi khumi okha musadandaule: zipinda ndi mitengo, kafikidwe kuchokera ku Limbe, Sapitwa, Dziwe la Nkhalamba, zonyamula, nyengo, ndi ena ochepa. Zotsatira zake sizioneka sabata yomweyo. A Google amati kusintha kotere kukhoza kutenga miyezi kuti kuonekere.

Chinanso, loji yaing'ono ngati yanu kawirikawiri imapezeka kudzera pa mapu. Onetsetsani kuti Google Business Profile yanu, imene imaonetsa loji yanu pa mapu a Google, ili ndi nambala yogwira, malo olondola ndi zithunzi zatsopano, ndipo mlendo akamatsanzika mumupemphe alembepo maganizo ake. Ndemanga zogula kapena zolemba achibale n'zoletsedwa ndipo zimachotsedwa.

Pa K450,000 ija, tengani kachigawo mumulipire gaidi tsiku limene mwakhala naye pakhonde, mugulire mwanayo bandulo ndi kumuthokoza. M'buku lolembamo alendo jambulani mzere wina wakuti "Munatidziwa bwanji?" ndipo wolandira alendo azifunsa aliyense. Ikatha miyezi itatu muwerenge kuti obwera kudzera pa Google ndi angati, otumizidwa ndi magaidi angati, ouzidwa ndi anzawo angati. Mnyamata wa ku Blantyre akaimbanso, mumufunse kuti ndi tsamba liti mwa 60 aja lili ndi vuto, ndipo akuonetseni mu Search Console.