Anthu khumi, mpunga ndi nyama zikhale zochuluka bwanji?

"Zikomo amayi. Loweruka likubwerali kunyumba kwathu kukubwera apongozi anga ndi abale ena a bambo a kunyumba. Tonse pamodzi tikhala anthu khumi: azibambo anayi, azimayi anayi ndi ana awiri. Ndikufuna kuphika mpunga, nyama ya ng'ombe ndi zamasamba. Ndazolowera kuphikira anthu atatu basi, ndiye ndikuopa kuchita manyazi chakudya chikaperewera, komanso ndalama zoti ndingogula mwachisawawa ndilibe. Ndigule zochuluka bwanji?"

Achemwali, mwachita bwino kunena kuti anthu khumiwo ndi ndani, chifukwa mawerengedwe onse amayambira pamenepo. Ana awiri aang'ono amadya ngati munthu wamkulu mmodzi, choncho pakamwa penipeni muli napo pasanu ndi panayi. Komabe inu phikani za anthu khumi ndi awiri. Apongozi sabwera okha nthawi zonse, mwina atenga kamdzukulu, mwina woyendetsa galimoto akhala nawo, ndipo mbale yopatsa aneba oyandikana nawo khomo isasowe.

Tiyambe ndi mpunga. Ngati patebulo padzakhale mpunga wokha popanda nsima, gulani kilogalamu imodzi ndi theka. Apa munthu aliyense tamuwerengera magalamu 125 a mpunga wosaphika. Mabuku ambiri a zophikaphika amatchula muyezo wocheperapo, koma amanena za malo amene mpunga umangoperekeza zakudya zina. Kwathu kuno mpunga ukalowa m'malo mwa nsima munthu amayembekeza kukhuta nawo. Ngati mulibe sikelo, tengani kapu ya tiyi yaikulu ija yolowa mamililita 250. Yodzadza bwino imalowa mpunga pafupifupi magalamu 200, ndiye muyeze makapu asanu ndi awiri ndi theka. Poyeza ndi kapu udzaoneka wochepa, koma musawonjezere, mpunga ukapsa umafufuma pafupifupi katatu.

Koma mufunse kaye bambo a kunyumba ngati makolo awo amadya mpunga masana. Akuluakulu ambiri akadya mpunga amati sanadye, amafuna mtanda wa nsima. Zikakhala choncho, phikani nsima ya anthu anayi kapena asanu, mpungawo mutsitse ufike kilogalamu imodzi.

Chimene chimavuta amene anazolowera kapoto kakang'ono ndi madzi. Pophika kapu imodzi timathira madzi makapu awiri, koma mukatsata muyezo womwewo pa mpunga wambiri mudzapakula phala. Poto wamkulu sataya nthunzi mofanana ndi kuchuluka kwa zimene zili m'katimo. Pa makapu asanu ndi awiri ndi theka a Kilombero, uja wonunkhira wa ku Karonga, ine ndimathira madzi makapu khumi ndi awiri, omwe ndi malita atatu. Mpunga wongokololedwa kumene umafuna madzi ocheperapo pang'ono kusiyana ndi wogonera. Poto akhale wa malita asanu ndi atatu kapena kuposa apo. Ngati mulibe, gawani pawiri, musakakamize, chifukwa poto wodzadza mpaka kukamwa amapsereza pansi pamwamba pali mbuu. Madzi akangophwa n'kuyamba kuoneka timabowo pamwamba pa mpunga, phulani makala ambiri m'mbaula, ena muike pa chivundikiro, musiye mphindi 15 osavundukula ndiponso osatakasa. Mukatenga njere imodzi n'kuifinya ndi zala, isakhale ndi kamtima koyera kolimba pakati.

Tsopano nyama, pamene pali ndalama zanu zambiri ndi manyazi amene mukuopawo. Pa nyama musaganize za makilogalamu okha, ganizani za nthuli. Mlendo saona sikelo, amaona zimene zagwera m'mbale mwake. Nyama ya ng'ombe ya mafupa, imene timagula m'mabutchala ambiri, gulani makilogalamu awiri ndi theka. Zikumveka zambiri, koma taonani mmene imathera. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mafupa ndi mafuta. Mnofu wotsalawo ukabwata maola awiri umanyalanso ndithu. Pomaliza zimene munthu mmodzi atafune ndi zongodzadza chikhatho. Ngati mwapeza mnofu wokhawokha, kilogalamu imodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono ikwana, ngakhale msuzi wake sukoma ngati wa nyama ya mafupa.

Podula, kilogalamu iliyonse itulutse nthuli khumi ndi zinayi, zazikulu ngati mabokosi awiri a machesi ophatikiza kapena kuposerako pang'ono. Zonse zikhala pafupifupi 35. Akuluakulu asanu ndi atatu atenga zitatuzitatu, zimenezo ndi 24, ana ziwiriziwiri, tafika 28, ndipo zisanu ndi ziwiri zatsala za mlendo wodzidzimukira ndi za apongozi aamuna ngati angafune kuwonjezera. Muziwerenge zili zaziwisi pa thabwa, musanaike pamoto. Mukapeza kuti zaperewera, nthawi yodula zazikulu pakati ndi imeneyo, chifukwa nyama yakupsa ikadulidwa imanyenyeka.

Ine zinandionekerapo pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Ndinatuma mnyamata kubutchala ina ndi ndalama ya makilogalamu atatu, iye n'kungolandira jumbo yomangamanga. Nditamasula ndinapeza fupa lalikulu la mwendo lodulidwa patatu, mafuta oyera ndi timinofu tochepa. Sikelo sinaname, koma nthuli zenizeni sizinakwane makumi awiri, ndipo tinapulumukira nkhuku ya aneba. Ndiye pitani nokha, m'mawa nyama ikadali yambiri, muloze mbali imene mukufuna ndipo muone zimene zikukwera pasikelo.

Thumba likavuta, nkhuku ndi yothandiza. Nkhuku imodzi yaikulu imatuluka nthuli zabwino zisanu ndi zitatu mpaka khumi, osawerengera khosi, zipalapasiro ndi nthutumba. Nyama ya ng'ombe kilogalamu imodzi ndi theka pamodzi ndi nkhuku imodzi zikwanira anthu anuwo, ndipo patebulo padzaoneka ndiwo ziwiri. Msuzi ukhale wambiri, chifukwa mpunga umamwa msuzi kuposa nsima. Tomato wakupsa bwino asanu ndi atatu ndi anyezi atatu akuluakulu apite ku nyama yokha, ndipo pophula msuziwo ukhale wofika pamwamba pa nthuli.

Zamasamba sizivuta kwenikweni, kungoti zimanyenga maso. Repu, mpiru kapena tchayinizi wodzadza beseni akalawa moto amafota n'kutsala wa m'mbale imodzi. Timitolo ta pamsika timasiyana kukula malinga ndi nyengo, choncho yezerani pa banja lanu: ngati atatu mumadya timitolo tiwiri, gulani tisanu ndi titatu. Nkhwani ndi bonongwe zimafota kuposa pamenepo, muwonjezere tiwiri. Kabichi safota kwambiri, mutu umodzi waukulu wolimba ukwanira nonse, ndipo pa mpunga ndi nyama ine ndimasankha iyeyo. Muphike zamasamba pomalizira penipeni, alendo atafika kale, kuti zisade ndi kulendereka.

Popakula musatulutse zonse nthawi imodzi. Yambani ndi mbale za apongozi, muwasankhire nthuli za mnofu wofewa, ana muwapakulire nokha m'mbale zawo, ndipo nthuli zisanu ndi ziwiri zija zikhale m'poto kukhitchini, wovundikira, pambali pa moto, mpaka aliyense atalandira.